Njinga Inalembedwa, Lachinayi Ayi

Ndine munthu wapakamwa, zimenezo sindikana. Pa sikelo ya bungwe lathu la alimi ku Insaca ndinkatha kukalipira bambo wamkulu amene wathira mchenga m'thumba la nandolo mpaka iye n'kuvula chipewa. Koma chitseko cha ofesi ya a shefe, akulu a bungwelo, ndinkachiopa. Ndikangochiona, pakamwa ponse paja pankauma gwa.

Mantha amenewa anali ndi pochokera. Ife ogwira ntchito mu almazeni, mosungira mbewu muja, tinkalembedwa pa kontrato ya chaka chimodzi chimodzi. Chaka chikamatha aliyense ankayenda monyang'ama, kudikira ngati aitanidwa kukasainanso. Mnzanga wina amene ndinkayeza naye mbewu anaimirira pa msonkhano tsiku lina n'kunena kuti malipiro athu sakwanira ngakhale sopo. Tonse tinawomba m'manja chamumtima. Chaka chitatha iye sanaitanidwe. Ena amati panali zifukwa zina, mwina zinalipodi, koma ine ndinkamuona m'mawa uliwonse akukazinga mandasi pamsika ndipo ndinkadutsa mofulumira.

Chimene chinandikankhira pa chitseko chija ndi amayi. Amayi ankakhala kwathu m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ndipo anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, limene kuno timangoti tensao. Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse ankayenera kupita ku chipatala chaching'ono cha kumeneko kukayezedwa ndi kulandira mankhwala. Kuchoka pakhomo pawo kukafika kuchipatalako ndi mtunda woti munthu wa miyendo yabwino amayenda maola awiri, ndipo miyendo ya amayi inali itatha kale. Njinga yamoto ankaikana kwamtuwagalu, ati sangakumbatire mwana wa eni ake pamsewu. Mchimwene wanga ndi msodzi, akalowa m'madzi amatha masiku osaoneka. Mchemwali wanga anakwatiwa tsidya lina, ku Malawi. Wotsala ndinali ine.

Choncho mwezi uliwonse ndinkajomba tsiku limodzi, kukwera shapa, minibasi zathu zija, kutsika n'kubwereka njinga kwa achibale, kukatenga amayi. Tsiku lojombalo ankalidula pa malipiro, shapa nayo inkadya gawo lake. Mwezi wina zinandikanika, sindinapite. Amayi anakhala milungu iwiri opanda mankhwala, ndipo mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga uja, anawapeza atakhala pansi pafupi ndi thandala loyanikira nsomba, akuti dziko likuzungulira. Kuyambira tsiku limenelo foni yanga ikangolira masana mtima unkandidumpha.

Ndinadikira mpaka mwezi wosainira kontrato. A shefe athu anali bambo wachikulire, waulemu, wosakweza mawu, ndipo kufatsa kwawoko n'kumene kunkandiopsa kwambiri. Ndinagogoda, ndinalowa, ndinakhala kunsonga kwa mpando. Ndinayambira kutali monga timachitira, za mvula, za mtengo wa mafuta ophikira. Iwo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Nenani mayi, mwadzera chiyani?"

"Bambo, ndimati mwina chaka chino mungandiwonjezereko pang'ono."

Sanakwiye. Anatsegula kabati, n'kutulutsa mapepala omangidwa pamodzi, n'kuloza mzere umodzi ndi cholembera.

"Iyi ndi orsamento, ndondomeko ya ndalama za bungwe. Amene amatithandiza ndi ndalama anasaina kuti ya malipiro ndi iyi, kwa zaka zitatu. Ine sindingawonjezerepo ngakhale metikali imodzi. Ndikakupatsani inu ndiye kuti ndachotsa kwa mnzanu. Mukufuna ndichotse kwa ndani?"

Ndinati ayi bambo, pepani bambo, zikomo bambo. Ndinatuluka chammbuyo. Masana onse ndinkalakwitsa kuwerenga sikelo, ndikuganiza kuti basi, ndadzilembetsa ndekha pa mndandanda wa okazinga mandasi.

Amene anandiona ndi a dalaivala a galimoto ya bungwe, bambo wina wonenepa wokonda kuseka anthu, amene anagwirapo ntchito m'mabungwe ambiri. Anandipeza ndikusesa pakhomo pa almazeni pamene panali posesa kale.

"Achemwali, mukumba chitsime ndi tsachelo? Akukanizani eti?"

Ndinawauza. Anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto, ine mtima uli phuphuphu kufuna kuwaponyera tsache lomwelo.

"Inu mwakagogoda pa chipinda chokhoma," anatero. "Orsamento ili ngati nyumba. Chipinda cha malipiro makiyi ake ali kutali, a shefe alibe. Koma muli zipinda zina zimene makiyi ake ali m'thumba mwawo. Musawapemphe ndalama. Apempheni zimene zilipo kale, kapena zimene sizifuna ndalama. Inuyo kwenikweni mukufuna ndalama kapena mukufuna kufika kwa amayi?"

Funso limenelo linandikhazika pansi. Anandikumbutsa za njinga zisanu zimene zinagulidwa pa ntchito ina yakale, zili kuseri kwa matumba mu almazeni momwemo, matayala ataphwa. Anati mayunitsi a foni ali ndi mzere wawo, wa kulankhulana. Anati tsiku lopuma silichotsa kanthu m'kabati. Ndipo anandilangiza kuti ndisakapite ndi misozi yokha, ndikasonyeze chimene bungwe lipindule.

"Koma chimodzi," anatero akukwera galimoto. "Chilichonse akakupatsani, alembe."

Apa mpamene panali povuta. Kwathu kuno munthu wamkulu akakulonjeza kanthu, iwe umawomba m'manja n'kuthokoza. Kumuuza kuti lembani ndiye kuti wamutcha wabodza pamaso pake. Bambo anga anagula bwato ndi mawu okha, anakwatitsa ana ndi mawu okha. Ine mwana wawo ndikauze bambo wa imvi kuti mawu awo sakukwana? Ndinakhala masiku atatu ndikutafuna nkhaniyi.

Tsiku lachinayi lake ndinagogodanso. Nditaona nkhope yawo ikuti mwabweranso, ndinafulumira kunena kuti za ndalama ndamva ndipo sindizitchulanso. Mapewa awo anatsika pang'ono. Ndinapempha zinthu zinayi: njinga imodzi mwa zogona zija, mayunitsi a foni, malo a amayi m'galimoto ya bungwe ikamapita kunyanja, ndi Lachinayi loyamba la mwezi kuti ndizipuma osadulidwa.

"Njingayo ndikonza ndekha," ndinatero. "Ndipo ndikamapita kwa amayi ndizidzera m'magulu athu a alimi a kunjira ya kunyanja, ndizibwera ndi mayina a amene akonzeka kugulitsa. Galimoto isamapite kukafunsa zokhazo."

Ndinkamva anthu akukangana panja za thumba long'ambika, ndipo ndinkalakalaka ndikanakhala nawo kumeneko.

"Za galimoto iwalani," anatero. "Munthu amene si wantchito saloledwa kukwera. Itachita ngozi, ine ndi dalaivala tonse tapita. Mayunitsi ndi a alangizi a kumunda, inu simuli pa mzere umenewo. Njinga tengani, ikungodya dzimbiri. Lachinayi lanulo, chabwino, muzipita. Mudzabweza ndi Loweruka nthawi yogula mbewu."

Ziwiri mwa zinayi, ndipo zinali ziwiri zimene ndinkazifunitsitsa. Ndinawomba m'manja. Ndinayamba kudzuka. Kenako mawu a dalaivala aja anandikoka chitenje, ndipo ndinakhalanso pansi.

"Bambo, mundikhululukire. Mwina pangakhale kapepala."

Anavula magalasi. Sindidzaiwala mmene anandiyang'anira, mopanda mkwiyo koma ngati ndawaponda chala pamaso pa anthu.

"Mawu anga simukuwakhulupirira?"

"Ayi bambo, si choncho. Ndimaopa a polisi pamsewu, angati njingayo ndaba."

Linali bodza lothawira, koma linagwira. Anati pamenepo ndanena zoona, katundu wa bungwe satuluka popanda chikalata. Analemba pomwepo kuti njinga yakuti, nambala yake yakuti, yaperekedwa m'manja mwanga kuti ndiziyendera pa ntchito ndi pa zanga, ndipo ndidzabweza ndikadzasiya ntchito. Anasaina, anadinda chidindo, nane ndinasaina. Kenako anaimika cholembera m'mwamba.

"Za Lachinayi n'zapakati pa inu ndi ine. Ndikazilemba, mawa onse abwera kudzafuna tsiku lawo. Kapena mukufuna ndilembenso zimenezo?"

Anandifunsa ndithu. Khomo linali lotsegula, ndipo ndikanangoti inde. Koma ndinali nditawaponda kale kamodzi, kontrato yanga yatsopano inali isanasainidwe, ili penapake m'kabati momwemo. Komanso m'mutu mwanga ndinkati chofunika pepala ndi chinthu chogwirika, choti munthu angakunamizire kuti waba. Tsiku angakunamizire bwanji kuti waba? Ndinati ayi bambo, zimenezo mawu anu akwana. Ndinatuluka ndikudziona wochenjera kwambiri.

Kontrato ndinasaina sabata yotsatira. Njinga ndinaigulira machubu, ndinamangirira kapilo pa kaliyala. Lachitatu tikaweruka masana ndinkapalasa kupita kunyanja, kudzera m'magulu a alimi monga ndinalonjezera, n'kukafika dzuwa likulowa. M'mawa mwake amayi ankakhala atasamba kale, atavala chitenje chawo cha maluwa obiriwira, khadi la kuchipatala atalimanga pa nsonga yake. Ankakhala chammbali pa kaliyala, dzanja lamanzere litagwira lamba wa diresi yanga, ndipo njira yonse ankandilongosolera mmene ndimapalasira moipa.

"Iwe, maenje onsewa ukuchita kuwafunafuna? Bambo ako ankapalasa ngati munthu."

"Amayi, bambo analibe njinga."

"Akanakhala nayo akanapalasa bwino."

Inatha miyezi isanu ndi itatu chotero, ndipo foni ikalira masana ndinasiya kudzidzimuka.

Kenako a shefe anadwala maso n'kupita kwawo kukapuma, ndipo m'malo mwawo munabwera mayi wina wochokera ku Lichinga, wamng'ono kwa ine, woyenda mofulumira. Sabata yake yoyamba anawerenga katundu yense wa bungwe, mipando, masikelo, ngakhale makasu. Atafika pa njinga anapeza zinayi. Anandiitanitsa. Ndinalowa, pepala langa lili m'chikwama, m'kapulasitiki. Analiwerenga, anayang'ana chidindo, n'kundibwezera.

"Zili bwino. Ndikanakonda aliyense akanamasunga mapepala chonchi."

Ndinatuluka ndikumwetulira, ndinakauza a dalaivala kuti nzeru zawo zagwira ntchito. Za Lachinayi sindinazitchule kwa mayiyo. Ndinkati ndidzanena nthawi yake ikakwana, akadzayamba kundizolowera. Kunena zoona ndinkaopa kudzutsa nkhani imene inali itagona.

Nthawi yake inakwana Lachitatu masana, ndikupopa matayala. Anandipeza pakhomo pa almazeni n'kundiuza kuti mawa kubwera lole ya ogula nandolo, ndifike molawirira. Ndinati mawa ndi tsiku langa lopita kwa amayi, a shefe akale anandilola.

"Zinalembedwa pati?"

"Tinagwirizana pakamwa."

"Mayi, ine sindikuti mukunama. Koma m'faelo yanu muli njinga basi. Mawa lole ikubwera, woyeza ndinu nokha. Mukapanda kubwera ndilemba kuti mwajomba pa tsiku logulitsa, ndipo zimenezo zimaonedwa posaina kontrato. Lole ikapita tidzakhale pansi."

Sananene mwankhanza, ndipo sindingamunamizire. Mwini kulakwa ndinali ine, amene ndinafunsidwa n'kukana ndekha. Pakamwa panga paja, pamene pamagwetsa zipewa za amuna, panangoti chabwino.

Ndinaimbira mchimwene wanga kuti akauze amayi asadikire, ndibwera Loweruka tidzaone chochita. Foni yake sinkalowa, anali m'madzi. Mlamu wanga analibe foni. Ndinaimbira wa kagolosale ka pafupi ndi kwathu, anati ali ku Entre Lagos kukaoda katundu, abwerera mawa madzulo. Ndinayesa mobwerezabwereza mpaka batire inatha. Ndinadzilimbitsa mtima kuti amayi akaona dzuwa lalowa ine osafika adziwa kuti china chandigwira.

Lachinayi limenelo ndinayeza matumba kuyambira m'mawa. Thumba lililonse ndikamalikoloweka pa sikelo ndinkaona chitenje chobiriwira chija. Ndinkadziwa kuti asamba. Ndinkadziwa kuti akhala pa mpando wawo pansi pa mtengo wa mango, maso kumsewu, akuti mwina wagona panjira, afika m'mawa uno. Mapiritsi awo ndinkawawerenga ndine, ndipo ndinkadziwa kuti otsiriza anamwa dzulo lake.

Foni inalira dzuwa litapendeka. Inali nambala yachilendo, mawu a mlamu wanga. Amayi anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako anatenga ndodo n'kunena kuti mwana wanga sanalepherepo, ndikakumana naye panjira. Anayenda pa dzuwa la mwezi wa Okutobala mtunda woposa theka la njira ya kuchipatala. Amayi ena ochokera kotunga madzi ndi amene anawapeza atagwa m'mbali mwa msewu, pakamwa patapotoka, khadi lili pa nsonga ya chitenje.

Sindikumbuka ngati ndinatsanzika. A dalaivala ndi amene anakauza a shefe atsopano aja, ndipo iwo anawalamula kuti andiperekeze ndi galimoto mpaka kuchipatala. Pafupi kufika bambo wosekaseka uja anangofunsa kuti, "Tsiku lija sanalembe?" Ndinapukusa mutu.

Amayi sanamwalire. Anagona m'chipatala, kenako anawatumiza ku chachikulu, ndipo patapita milungu mawu anabwerera, ngakhale olemera. Anamwino anandiuza kuti matendawa akhoza kugwetsa munthu tsiku lililonse, ndisadziimbe mlandu. Ndinawamva, koma ine ndikudziwa amene amayi ankapita kukakumana naye pamsewu paja. Mwendo unachira pang'ono. Dzanja lamanzere silinabwerere.

Nditabwerera ku ntchito sindinadikire kuitanidwa. Ndinalowa mu ofesi muja ndikukankha njinga, matayala ake akusiya fumbi pa simenti. Mantha analipo monga kale, koma tsopano ndinali nditaona chinthu choopsa kuposa kukazinga mandasi.

"Mayi, ndalama sindikupempha, ndikudziwa orsamento ndi yotseka. Ngati n'kusinthanitsa, njinga yanu iyi, tengani. Ndikufuna Lachinayi loyamba la mwezi, lolembedwa, losainidwa, lodindidwa. Ndizibweza Loweruka. Lole ikadzabwera tsiku limenelo pakhale wina woyeza, ndimuphunzitsa ndine sikeloyo."

Anayang'ana njingayo, anayang'ana ine.

"Njingayo tulutsani, ikudetsa muno. Ndi yanu kale, pepala lake lilipo. Bwanji simunandiuze sabata yoyamba ija, pamene munabwera ndi pepala la njinga? Tikanakonza lole isanabwere."

Anatayipa tsamba lowonjezera pa kontrato yanga, mizere inayi yokha: tsiku lakuti la mwezi uliwonse ndipuma osadulidwa malipiro, ndibweza Loweruka lotsatira, ndipo mlonda wa masana aphunzitsidwa kuyeza kuti azigwirizira. Tinasaina tonse awiri, tsamba lina m'faelo, lina m'kapulasitiki kanga. Kuyambira pamene anayatsa makina mpaka pamene anadinda chidindo sipanathe mphindi khumi. Ndinaziyang'ana pa wotchi ya pakhoma mphindi zimenezo, ndipo zinandiwawa kuposa china chilichonse.

Mpaka lero Lachitatu masana ndimapalasa kupita kunyanja. M'mawa mwake mlamu amawasambitsa amayi, amawaveka chitenje chobiriwira, n'kundithandiza kuwakweza pa kaliyala. Dzanja limene linkagwira lamba wa diresi yanga limangolendewera pa ntchafu pawo. Ndiye ndimatenga chitenje china, kuchidutsitsa kumsana kwawo ndi m'khwapa, n'kuchimanga mfundo ziwiri pachifuwa panga, monga ankandiberekera iwo. Tsiku loyamba kuwamanga chotero anaika chibwano paphewa panga, n'kulankhula ndi lilime lawo lolemera lija.

"Tsiku lija unachedwa pati?"

"Kuntchito, amayi."

"Ndinadziwa kuti ukubwera," anatero. "Ndinangoti ndikuchepetsere njira."